Kalata ya umboni ya sukulu ya udokotala: alekichala akale ndiwayambe bwanji, ndiwapatse chiyani?

Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo, ndipo ndikudziwa kuti muno muli aphunzitsi komanso ena amene munadutsamo kale. Ndinamaliza digiri ya sayansi ku Chanco mu 2021, bayoloje ndi kemisitiri. Panopa ndili ku Mangalande, ndikugwira ntchito yothandiza anamwino m'chipatala. Chaka chino ndikufunsira malo ophunzira udokotala, maphunziro a zaka zinayi aja a anthu amene ali kale ndi digiri, kudzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu a ofuna kulowa m'mayunivesite a kuno. Tsiku lotsekera ndi 15 Okutobala, ndipo akufuna kalata ya umboni. Amene ndikuwaganizira ndi alekichala amene anandiyang'anira pulojekiti ya chaka chomaliza. Koma chichokereni sindinawalankhulepo, ndipo kalasi yathu inali yaikulu. Tili mu Ogasiti. Ndiwayambe bwanji? Nanga ndiwapatse chiyani?

Mayi Nasibeko:
Mwanangu, munthu wamkulu sumuyendera chimanjamanja. Popeza uli kutali, tuma mng'ono wako kapena amalume ako akawaone ku ofesi, atatenga nkhuku kapena mpunga wa Kilombero. Ngati zavuta, ngakhale kangachepe ka pafoni. Anthuwa amatopa, ndipo ana ambiri amangowakumbukira pa tsiku la mavuto.

Tadala:
Zikomo amayi. Ine ndimatanthauza mapepala, zoti agwiritse ntchito polemba. Komabe mwandikumbutsa, nkhani ya mphatsoyo nayonso ndinali nayo mumtima.

Bambo Gondwe:
Amayi Nasibeko, mtima wanu ndaumva, koma mundilole nditsutse pang'ono. Ine ndimaphunzitsa kemisitiri pa yunivesite ina, ndipo makalata oterewa ndimalemba chaka chilichonse. Mphatso yobwera kalata isanalembedwe imandimanga manja. Ndikalemba zabwino, ndimadzifunsa ngati ndalemba chifukwa cha mwanayo kapena chifukwa cha mpunga. Ndikafuna kukana, ndimasowa pokanira. Ndalama ndiye ayi ndithu. Kulemba kalata ya wophunzira wanga wakale ndi mbali ya ntchito yanga.

Tadala, chimene chimandivuta ine si nthawi kwenikweni. Chimandivuta ndi kukumbukira. Pakati pa 2021 ndi lero, alekichala anuwo aona nkhope mazanamazana. Akhoza kukumbukira kuti munali mwana wabwino, koma "mwana wabwino" si umboni. Owerenga kalata ku sukulu ya udokotala amafuna kumva zimene wolembayo anaona ndi maso ake: munachita chiyani, liti, zitavuta munatani. Ndiye zonse zimene muwatumizire zikhale ndi ntchito imodzi, yowabwezeretsa mu labu muja mmene munali inu. Musanatumize chilichonse, tiuzeni kaye, pulojekiti yanu inali ya chiyani?

Chisomo:
Achemwali, kalata imodzi ndi yochepa. Ine ndinafunsira kuno ku Amereka ndipo masukulu ambiri ankafuna atatu, awiri a aphunzitsi a sayansi ndi mmodzi wa phunziro lina. Pa AMCAS, njira ya pa intaneti yofunsira malo m'sukulu za udokotala kuno, mukhoza kuika makalata mpaka 10. Wolemba aliyense mumamupatsa Letter Request Form, pamene pali nambala yanu, AAMC ID, ndi nambala ya kalata yakeyo, Letter ID, kuti isasochere. Kalatayo ikhale pa pepala la chizindikiro cha yunivesite ndipo asayine. Komanso musade nkhawa ndi tsiku, fomu mukhoza kutumiza makalata n'kubwera pambuyo.

Thoko:
Achimwene Chisomo, zonse mwanenazo ndi zoona ku Amereka, koma Tadala akazitsata kuno ku Mangalande apsa. Ine ndinalowera njira imene akufuna kulowerayi, pano ndili chaka chachitatu. UCAS imalandira umboni umodzi wokha, ndipo umapita ku masukulu onse amene mwasankha. A udokotala mumaloledwa kusankha anayi. Palibe pepala la chizindikiro, palibe chidindo, palibe kusayina. Inuyo mumalemba dzina la wochitira umboni, udindo wake, foni ndi imelo m'fomu mwanu, UCAS n'kumutumizira uthenga wokhala ndi linki. Iye amalemba pa intaneti pomwepo, m'Chingerezi, ndipo malo ake ndi zilembo 4,000 kuwerengera ndi mipata yomwe. Amenewo ndi mawu pafupifupi 600 basi.

Koma chachikulu ndi ichi: ngati mukufunsira panokha, osati kudzera ku sukulu, fomu yanu simungaitumize mpaka wochitira umboniyo atamaliza mbali yake. Alekichala akachedwa, inunso mwachedwa, ndipo 15 Okutobala ikadutsa sukulu za udokotala sizikakamizidwa kuyang'ana fomu yanu. Amatseka 6 koloko madzulo nthawi ya kuno, imene pa tsikulo ndi 7 koloko madzulo ku Malawi.

Chisomo:
Ndiye ndi zosiyana kwambiri. Koma mfundo ya pepala la yunivesite ndiimabe nayo mbali ina: imelo ya alekichala imene mulembe m'fomu ikhale ya yunivesite, osati ya Gmail. Owerenga amafuna kutsimikiza kuti munthuyo alipodi.

Thoko:
Pamenepo tagwirizana.

Tadala:
Bambo Gondwe, pulojekiti yanga inali yoyeza madzi a m'zitsime zosatetezedwa m'midzi ina ya ku Zomba, kufufuza tizilombo tochokera ku chimbudzi. Tinkatunga madzi, kusefa mamililita 100 pa kasefa, kuika kasefako m'mbale ya chakudya cha tizilombo, n'kusiya mu inkyubeta pa madigiri 44 usiku wonse, mmawa kuwerenga timagulu timene tamera. Ndinakhoza bwino, koma sindikuona chodabwitsa chimene angalembe. Zinali za masiku onse.

Bambo Gondwe:
Palibe chimene chinasokonekera?

Tadala:
Chinalipo. Ulendo wina mbale yoyesera, ija timaikamo madzi ophitsidwa opanda kachilombo kalikonse, nayonso inamera. Zimenezo zinasonyeza kuti zida zathu zinali zitaipitsidwa, ndiye zotsatira zonse za ulendo umenewo sizikanadalirika. Nthawi inali itatha ndipo manambalawo ankaoneka okongola. Ndinapita kukawauza, tinataya zonse, ndinabwerera kumidzi kukatunganso madzi Loweruka. Tinapeza kuti chikho chosefera sichinkaphitsidwa mokwanira pakati pa chitsime china ndi chinzake. Ndinalembanso zimenezi mu lipoti.

Bambo Gondwe:
Kalata yanu ndi imeneyotu. Mukuti za masiku onse, koma taganizani mmene wowerenga ku sukulu ya udokotala aimvere. Wophunzira anapeza vuto limene palibe wina akanalidziwa, nthawi itamuthera, ndipo anakaulula yekha, anafufuza gwero lake, anabwereza ntchito. Dokotala amene walakwitsa mlingo wa mankhwala amafunika achite chimodzimodzi. Ine nditapatsidwa nkhani imeneyi ndikhoza kulemba ndime yonse yamphamvu. Koma alekichala anuwo mwina anaiwala, kapena akukumbukira kuti zinachitika koma sakudziwa kuti anali ndani. Muwakumbutse.

Ndiye chinthu choyamba, ndipo kwa ine choposa zonse, ndi tsamba limodzi lokumbutsa. Limodzi, osati atatu. Pamwamba dzina limene munkagwiritsa ntchito pa sukulu, nambala yanu ya ophunzira, zaka zimene munalipo, ndi kachithunzi ka nkhope. Ambiri amaseka za chithunzi, koma ine nkhope ndimaikumbukira msanga kuposa dzina. Kenako makosi amene iwowo anakuphunzitsani, chaka chake ndi giredi yake. Kenako nkhani ziwiri kapena zitatu zimene iwo anaona okha, iliyonse mizere itatu kapena inayi, yokhala ndi mwezi ndi malo. Ya mbale yoyesera ija ikhale yoyamba. Musalembe kuti "ndine woona mtima". Lembani zimene zinachitika, mawu oyamikira asankhe okha.

Chachiwiri ndi chikalata cha magiredi chonse, osati zosankha. Chachitatu ndi lipoti la pulojekitiyo, kapena tsamba loyamba ndi chidule chake. Ngati muli ndi kope limene iwo analembamo ndemanga ndi cholembera chofiira, jambulani masamba amenewo. Munthu akaona dzanja lake zambiri zimabwerera. Pambuyo pake CV yaifupi, yosonyeza zimene mwachita kuyambira 2021.

Kondwani:
Koma abale, tisavutitse mwana ndi mafayilo onsewa. Tonse tikudziwa mmene zimayendera. Umalemba wekha kalata, kuwapititsira, iwo n'kuwerenga, kusayina, basi. Ine ya sikolashipu yanga ndinatero ndipo inadutsa. Alekichala ali ndi mapepala oti achonge, alibe nthawi yowerenga lipoti la zaka zapitazo.

Thoko:
Achimwene, pa UCAS pali mbali imene wofunsira amalemba yekha, yotchedwa Personal statement. Tsopano ili m'mafunso atatu: chifukwa chiyani mukufuna maphunzirowa, sukulu yakukonzekeretsani bwanji, ndipo kunja kwa sukulu mwachita chiyani. Munthu mmodzi amawerenga mayankho anuwo ndi umboni wa alekichala nthawi imodzi. Ngati zonse walemba ndi munthu mmodzi, kalembedwe kamafanana, mawu amene mumakonda amabwera konsekonse. Ndipo pofunsira mumavomereza kuti zonse zili m'fomu ndi zoona. Ntchito imene mukufunsirayi nkhani ya chinyengo saitenga mopepuka.

Kondwani:
Si chinyengo ngati mwini wake wawerenga n'kuvomereza. Akasayina ndiye kuti mawuwo ndi ake.

Bambo Gondwe:
A Kondwani, sindikana kuti zimachitika, ndipo anzanga ena amachita zimenezo poyera. Koma ndaona makalata olembedwa ndi eni ake, ndipo ambiri ndi ofooka. Wophunzira amachita manyazi n'kulemba zozizira, kapena amadzitamanda mopitirira mpaka osakhulupirika. Komanso pali chinthu chimodzi chimene wophunzira sangalembe: kuyerekeza. Ine ndikhoza kunena kuti mwa ophunzira onse amene ndawayang'anira pulojekiti, uyu ali m'gulu la ochepa apamwamba. Tadala sangadziwe zimenezo, sanawaone enawo. Chiganizo chimenecho n'cholemera kuposa ndime zitatu za matamando, ndipo chimachokera kwa mphunzitsi yekha.

Limbani:
Funso langa n'losiyana pang'ono. Bwanji osapempha munthu wa dzina? Ngati muli ndi malume amene ndi dokotala wamkulu, kapena pulofesa wodziwika, kapena abusa a mpingo wanu. Dzina limatsegula zitseko. Lekichala wamba ku Mangalande akumudziwa ndani?

Thoko:
Wachibale ndiye musayerekeze n'komwe. UCAS imanena poyera kuti abale, abwenzi, ndi amene muli nawo kapena munali nawo pa chibwenzi saloledwa, ndipo fomu ikhoza kuthetsedwa. Za dzina, umboniwo uli ndi magawo atatu, ndipo gawo loyamba limafunsa wolemba kuti afotokoze mmene akukudziwirani. Pulofesa amene munangopatsana naye moni pa khonde alemba chiyani pamenepo? Lekichala amene anakhala nanu mu labu chaka chathunthu ali ndi yankho.

Limbani:
Ndamva. Nanga bwana wake wa panopa? Sisitala woyang'anira wodi amamuona tsiku ndi tsiku akusamalira odwala. Ameneyo sakumudziwa bwino kuposa munthu amene anasiyana naye 2021?

Tadala:
Limeneli ndi funso langanso. A sisitala athu amandidziwa bwino kwambiri, ndipo anandiuza kale kuti ali okonzeka.

Thoko:
Apa palibe yankho limodzi. UCAS payokha imalola bwana wa kuntchito ngati munachoka pa sukulu kalekale. Koma sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo zambiri za udokotala zimafuna umboni wa mphunzitsi. Popeza umboniwo ndi umodzi wopita kwa onse anayi, sukulu imodzi yokha ikanena kuti ikufuna wa mphunzitsi, nkhani yatha, ndi wa mphunzitsi. Tsegulani tsamba la sukulu iliyonse muwerenge, ndipo pamene sipakumveka alembereni imelo, yankho lawo musunge. Mukamawalembera, funsaninso ngati digiri yanu akuilandira pa njira ya zaka zinayi, chifukwa ambiri amafuna 2:1, mlingo wachiwiri kuchokera pamwamba pa madigiri a kuno, ndipo ena amapempha chikalata cha UK ENIC chofananitsa madigiri akunja.

A sisitala musawataye. Masukulu ena amapempha padera umboni wa ntchito yosamalira odwala imene mwagwira, ndipo pamenepo ndi pawo.

Bambo Gondwe:
Ndiwonjezere apa. Ine nthawi zina ndimalandira kandime kochokera kwa bwana wa wophunzira, ndipo ndimaikamo chiganizo chimodzi, ndikunena momveka kuti awa ndi mawu a woyang'anira wodi, osati anga. Si alekichala onse amene amavomera zimenezi. Afunseni, musawakakamize.

Nkhani ya 2:1 imene wanena Thoko ikukhudzanso zimene muwapatse. Madigiri athu ambiri amalembedwa Distinction, Credit kapena Pass. Wowerenga wa ku Britain sadziwa kuti Credit ya sayansi kwathu kuno imavuta bwanji kuipeza. Pemphani alekichala aike chiganizo chimodzi kapena ziwiri zofotokoza kuti digiriyo ndi ya zaka zinayi, magiredi amagawidwa bwanji, ndipo inu munali pati m'kalasi mwanu. Asapeke, ayang'ane m'mabuku a dipatimenti. Mukapanda kuwapempha sangaganize n'komwe, chifukwa kwa iwo ndi zodziwikiratu.

Tadala:
Pali china chimene ndimaopa kutchula. Chaka chachiwiri ndinalemba sapu ya kemisitiri ya oganiki. Bambo anga anadwala semesita yonse mpaka anatisiya mayeso ali pafupi. Pa chikalata cha magiredi zikuoneka. Ndiwauze alekichala, kapena ndingokhala chete mwina owerenga sazindikira?

Mayi Nasibeko:
Pepa mwanangu. Zimenezo si zochititsa manyazi. Unagwa, unadzuka, unamaliza.

Thoko:
Pepani achemwali. Azindikira, chifukwa chikalatacho adzachipempha. Ndipo gawo lachiwiri la umboni linaikidwa chifukwa cha nkhani ngati imeneyi, zovuta zimene zinasokoneza maphunziro. Ndi bwino zimveke kuchokera kwa mphunzitsi kusiyana n'kuti giredi ija ikhale yokha popanda mawu. Dziwaninso kuti masukulu ena ali ndi fomu yawoyawo ya zovuta zotere, yokhala ndi tsiku lake lotsekera.

Bambo Gondwe:
Pepani kwambiri. Muwauze, koma muwathandize kuti alembe zoona zokhazokha. Mwina nthawi imeneyo sankakuphunzitsani, ndiye sangalembe ngati anaona. Apatseni mwezi ndi chaka, ndipo ngati munalembera dipatimenti kapena ofesi ya ophunzira kalata nthawi imeneyo, tumizani kope. Muwauzenso malire: atchule kuti munaferedwa kholo, koma za matenda ake asalowemo, ngati ndi mmene mukufunira. Kenako muwaonetse magiredi a kemisitiri a chaka chachitatu ndi chachinayi. Ngati anakwera, nkhani yonse ikwana m'ziganizo ziwiri: chinachitika ndi ichi, ndipo pambuyo pake anakhoza motere. Malo ndi ochepa, gawo lachitatu la umboni, la nkhani ya pulojekiti ija, lisaphwanyidwe.

Tadala:
Anakwera ndithu. Nanga uthenga woyamba ndilembe bwanji? Ndikuopa kuoneka ngati ndangowakumbukira chifukwa ndikufuna thandizo.

Bambo Gondwe:
Musapepese kwambiri. Ife timadziwa kuti ana amapita kukakhala moyo wawo. Uthenga woyamba ukhale waufupi woti awerenge pa foni ali pakati pa makalasi, ndipo musamatirepo mafayilo onse. Pa mutu pa imelo lembani dzina lanu, chaka chimene munamaliza, ndi kuti mukupempha umboni. M'kati, mutapereka moni, nenani kuti ndinu uja munayeza madzi a m'zitsime pansi pa iwo, amene mbale yake yoyesera inamera. Nenani kumene muli ndi zimene mukuchita, m'chiganizo chimodzi. Kenako pempho: mukufunsira udokotala kudzera ku UCAS, umboni ndi wa pa intaneti, mawu pafupifupi 600, ndipo mukuufuna pofika tsiku lakuti.

Funsolo mulifunse motere: kodi akuona kuti akukukumbukirani mokwanira kuti alembe umboni wamphamvu? Osangoti "mungandilembere". Mukafunsa choncho mwawapatsa khomo lotulukira. Akayankha mozengereza, kapena akati "ndikhoza kungotsimikiza kuti munali wophunzira wathu", thokozani ndipo pitani kwa wina. Kalata yozizira imapweteka kuposa kukanidwa. N'chifukwa chake muyenera kukhala ndi dzina lachiwiri m'thumba kuyambira lero.

Akavomera, ndiye tumizani zonse mu imelo imodzi, mafayilo a PDF okhala ndi mayina omveka, ndiponso mayankho anu a mafunso atatu aja ngakhale asanapsetu. Cholinga si choti akopere. N'choti asabwereze zimene mwanena kale, komanso asatsutsane nanu pa zaka kapena mutu wa pulojekiti.

Thoko:
Pa tsamba lomwelo muwalembere zinthu zitatu zimene alekichala akwathu sangazidziwe. Asatchule dzina la yunivesite iliyonse, chifukwa umboniwo ukupita kwa onse. Alembe kaye pa kompyuta yawo, awerenge zilembo, kenako amate pa fomu, kuti netiweki ikaduka ntchito isatayike. Ndipo uthenga wa UCAS nthawi zina umagwera mu Spam, ndiye tsiku limene mwadina batani lopempha umboni, muwatumizire uthenga pa WhatsApp kuti ayang'ane. Musadine batanilo asanavomere.

Chisomo:
Komanso tsimikizani imelo yawo. Chanco inasanduka University of Malawi payokha mu 2021, ndipo adiresi imene munali nayo muli pa sukulu mwina si imene akuitsegula lero. Enanso anapita kukachita PhD kunja kapena anasamukira ku yunivesite ina.

Limbani:
Akakhala kuti anasamuka, umboni wawo umagwirabe ntchito?

Bambo Gondwe:
Umagwira. Amangofotokoza kuti anakuphunzitsani ali kwakuti, pano ali kwakuti. Vuto limakhala loti mabuku a magiredi sali nawo pafupi, ndiye mapepala anu aja amafunika kwambiri.

Kondwani:
Za tsiku, ine ndikanawauza kuti kutseka ndi 20 Seputembala. Mukawauza 15 Okutobala adzalemba pa 15 pomwepo, magetsi n'kuzima.

Bambo Gondwe:
Nkhawa yanu ndi yoona, koma bodza silifunika. Tsiku la UCAS lili poyera, akaliona adzadabwa kuti mwawanamiziranji. Auzeni masiku onse awiri: kutseka ndi 15 Okutobala, koma ine sindingatumize fomu mpaka inu mutamaliza, ndiye ndikupempha pofika kumapeto kwa Seputembala. Mphunzitsi aliyense amva zimenezo. Mukapempha pano, ali ndi masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa, ndipo ndi okwanira. Imelo yoyamba ikakhala sabata osayankhidwa, tumizani ina yaifupi. Ikakhalanso chete, imbirani sekilitale wa dipatimenti kapena pemphani mnzanu amene ali ku Zomba akagogode pa ofesi. Nthawi zambiri si kukana, ndi mayeso kapena ulendo wa kafukufuku. Koma Seputembala akayamba opanda yankho, pitani kwa wachiwiri uja.

Mayi Nasibeko:
A Gondwe, ndamva zonse, koma ine mtima sukundilola kuti mwana angolandira osabweza kanthu. Ndi mwambo wathu.

Bambo Gondwe:
Amayi, zonse zikatha, kalata itapita, kuthokoza n'kwabwino. Kwa ine chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi kuuzidwa mmene zathera, kaya atengedwa kaya ayi, chifukwa ambiri sabweranso. Ngati adzabwera ku tchuthi n'kudutsa pa ofesi ndi kanthu kakang'ono, ine sindiona vuto. Anzanga ena salandira ngakhale pamenepo.

Mayi Nasibeko:
Ndiye akadzabwera pa Khirisimasi. Mpungawo ndidzamusungira ine.

Tadala:
Ndabweranso ndi nkhani. Ndinapeza imelo yawo yatsopano kudzera kwa mnzanga, ndinalemba monga munanenera, ndipo ayankha. Akuti akundikumbukira, ndipo za mbale ija amauzabe ophunzira awo atsopano. Avomera. Koma alemba kuti ali pakati pochonga mayeso, ndiye ndiwatumizire "draft" kuti iwo akonze. Ndichite bwanji? Sindikufuna kuwakhumudwitsa.

Kondwani:
Ndinanena ine. Lembani achemwali, mwini wake wapempha.

Thoko:
Ine sindikanalemba ziganizo zathunthu. Ndikanawatumizira tsamba lokumbutsa lija, koma nditaligawa motsata magawo atatu a fomu. Pansi pa loyamba: makosi, zaka, pulojekiti, kagawidwe ka magiredi. Pansi pa lachiwiri: mwezi wa maliro, sapu, magiredi a pambuyo pake. Pansi pa lachitatu: nkhani ya mbale ndi ina imodzi, mfundo zokhazokha. Ndi zimenezo akhoza kulemba madzulo amodzi. Dziwaninso kuti malamulo a kuno amakulolani kupempha UCAS kope la umboniwo, ndiye ndi ulemu kuwauza zimenezi asanalembe.

Kondwani:
Ndipo akabweza n'kunena kuti ndati "draft", osati mfundo?

Bambo Gondwe:
Zikhoza kuchitika, ndipo pamenepo aliyense amasankha yekha. Ine ndikanayesa kaye njira ya Thoko, ndi mawu aulemu: kuti mwaika zonse m'magawo kuti ntchito ichepe, koma mawu oweruza mwawasiyira iwo chifukwa sukulu zikufuna maganizo awo. Musiye mipata iwiri yoonekera, wina wa mmene akukuyerekezera ndi ophunzira ena, wina wa ngati akuona kuti mungakwanitse maphunziro a udokotala ndi chifukwa chake. Kenako apempheni mphindi khumi ndi zisanu pa foni. Ambiri a ife kulankhula n'kosavuta kuposa kuyamba pa tsamba loyera, ndipo akamalankhula nanu kalatayo imakhala ikudzilemba m'mutu mwawo.

Tadala:
Ndichita choncho usiku uno. Nkhani yachiwiri ndikuganiza yoika ya pamene tinabwerera kwa a nyakwawa ndi komiti ya chitsime kukawafotokozera zotsatira m'Chichewa, ndi zoti aziika kolorini kapena kuphitsa madzi akumwa. Alekichalawo analipo tsiku limenelo. Kapena ndiike ya kuthandiza a chaka choyamba mu labu?

Thoko:
Ya kwa a nyakwawa. Kufotokozera anthu zotsatira zosakondweretsa m'mawu amene akumva, ndiyo ntchito imene mukufunsira.

Bambo Gondwe:
Ine ndikanafunsa kaye kuti pa ziwirizo ndi iti imene iwo anaona nthawi yaitali. Ngati kumudziko anangokhala m'galimoto, ikani ya mu labu. Ngati anakhala pansi n'kumvetsera, ikani ya kumudzi, ndipo mulembe mwezi wake, dzina la mudzi, ndi funso limodzi limene anthu anakufunsani ndi mmene munayankhira.

Tadala:
Anakhala pa mpando pafupi ndi a nyakwawa mpaka kumapeto. Mayi wina anafunsa chifukwa chimene madzi ooneka oyera angadwalitse mwana, ndipo ndinawaonetsa zithunzi za mbale ziwiri, ya pa chitsime chawo ndi ya madzi ophitsa. Ndiika imeneyo. Foni ndawapempha Lachisanu masana, akamaliza kuchonga.